Chikwangwani Chowerengeka Minibasi Ikuthamanga

Amayi, minibasi yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita 14 pa sekondi imodzi. Wokwera akayamba kuwerenga chikwangwani chathu chili pa mtunda wa mamita 40, amakhala ndi masekondi atatu okha. N'chifukwa chake mawu asapitirire asanu ndi limodzi.

Tinene kuti tikulengeza za sikelo. Lembani mizere itatu: "Sikelo ya Ana", pansi pake "Lachitatu", kenako "Ku Tchalitchi". Maina a akomiti asiyeni, ngakhale ena adandaule. Zilembo zikhale zonenepa, zakuda pa chikasu, zotalika masentimita 20. Chikwangwanicho chiyang'ane kumene magalimoto akuchokera.

Musanachikhome, chiimikeni, muyende mapazi 50. Mutembenuke n'kuchiyang'ana masekondi atatu. Ngati tsikulo simunaligwire, kuzani zilembo.