Fakitoriyo yodziitana yokha mu asembuli: musataye nambala panjira

Fakitoriyo ya 3 ndi 3 × 2 × 1, yomwe ndi 6. Fankishoni yodziitana yokha imapeza yankholi poyamba yafunsa fakitoriyo ya 2, kenako n'kuchulukitsa ndi 3. Vuto lagona apa: ikamabwerako kofunsako, 3 uja akhala kuti? Purosesa ili ndi marejisitala ochepa, ndipo kuitana kulikonse kumagwiritsa ntchito omwewo.

Pa kompyuta ya x86-64 ya Linux, nambala yoyamba imalowera mu rdi, yankho limatulukira mu rax. Lamulo lake n'lakuti woitanidwa ali ndi ufulu wosintha rdi, koma rbx ayenera kuibweza mmene anaipezera. Choncho sungani nambala yanu mu rbx, mutayamba mwaika za mwini wake pa sitaki. Lembani motere mu NASM:

```
fact:
    push rbx
    mov  rbx, rdi
    mov  eax, 1
    cmp  rdi, 1
    jbe  .done
    dec  rdi
    call fact
    imul rax, rbx
.done:
    pop  rbx
    ret
```

Sitaki ili ngati mbale zosanjikiza: yomwe mwaika pomaliza ndiyo mumayamba kuchotsa. Tiyeni tiitsatire ndi 3. Kuitana koyamba kusunga rbx ya woitana, n'kuikamo 3. Kwachiwiri kusunga 3 uja pa sitaki, n'kuikamo 2. Kwachitatu kusunga 2, n'kuikamo 1, ndipo poti yafika pa 1, sikuitananso. Tsopano ulendo wobwerera: pop ibweza 2, imul ipereka 2, pop ina ibweza 3, imul ipereka 6. Pop yomaliza ibwezera woitana zake.

Zikalakwika, zizindikiro zake n'zosavuta kuwerenga. Yankho likamangotuluka 1 pa nambala iliyonse, ndiye kuti mwachotsa push ndi pop, kapena mwachulukitsa ndi rdi, yomwe yatsika kale. Mukaiwala pop yokha, zinthu zimaipiratu. Paja call imaika pa sitaki adiresi yobwererako, ndipo ret imangotenga chilichonse chili pamwamba osafunsa. Ipeza 2, ilumphira ku adiresi 2, pulogalamu n'kugwa ndi uthenga wa Segmentation fault. N'chifukwa chake .done ili pamwamba pa pop, osati pansi pake.

Pali lamulo lina limene ambiri amalinyozera: musanaitane, rsp iyenera kugawika ndi 16. Adiresi yobwererako imatenga mabaiti 8, push imodzi mabaiti 8 ena, basi zakwana. Mukawonjezera push yachiwiri, tsitsaninso rsp ndi 8 ndipo mudzaikweze musanachite pop. Fakitoriyo payokha sidandaula, koma tsiku lomwe mudzaitane printf mkatimo ikhoza kugwa.

Poyesa musapitirire 20. Yankho lake, 2432902008176640000, limakwana m'mabiti 64, koma la 21 limasefukira ndipo rax imakupatsani nambala yabodza popanda chenjezo.