Foni Yochokera ku Joni ndi Magemu a Ana: Mmene Mungatsekere Ndalama Zisatuluke

M'makomo ambiri a ku Mpamba, pamsewu wochoka ku Mzuzu kutsikira pa boma la Nkhata Bay, foni yabwino kwambiri ya m'nyumba sinagulidwe kuno. Inachokera ku Joni. Bambo, mlongo kapena malume amene akugwira ntchito ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town anagula yatsopano, ndipo yakaleyo anaitumiza kumudzi. Nthawi zambiri foni yotere imafika ili ndi akaunti ya Google ya mwini wake woyamba, ndipo mu akauntimo muli khadi yake ya ku banki imene anaisunga tsiku lina akugula chinachake pa Play Store. Mwana akayamba kusewera pafoniyo, ndalama zikhoza kutuluka mu akaunti ya munthu amene ali kutali kwambiri, a pakhomo osadziwa kanthu.

Choyamba tichotse mantha osayenera. Gemu payokha singalowe mu Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kutapa ndalama, chifukwa kumeneko ndalama zimatuluka munthu akalemba nambala yachinsinsi. Ngati pa akaunti ya Google palibe njira yolipirira imene inasungidwa, mwana akadina pogulira, foni imangomuuza kuti aike khadi, basi. Ngozi imayamba pamene khadi ya Visa kapena Mastercard, kaya ya banki ya kuno, ya ku South Africa, kapena yolumikizidwa ku akaunti ya ndalama za pafoni, inalembedwa kamodzi mu Play Store. Ikangolembedwa imakhala momwemo mpaka munthu ataichotsa.

Magemu amene ana amakonda, monga Free Fire, PUBG Mobile, Candy Crush Saga ndi Dream League Soccer, amaikidwa pafoni ulere. Eni ake amapeza ndalama pogulitsa zinthu za mkati mwa gemu: madayamondi mu Free Fire, UC mu PUBG Mobile, golide mu Candy Crush Saga. Chimene chimasokoneza mwana n'choti ndalama zili pawiri. Pali makobidi a m'gemu amene amawapeza posewera, ndipo pali ena amene amagulidwa ndi ndalama zenizeni, koma onse amaoneka mofanana, owala, pamalo amodzi. Gemu imadikira nthawi imene mwana wagonja atatsala pang'ono kupambana, ndiye imatulutsa batani lalikulu loti apitirize. Mwana wa Sitandade 3, amene Chingerezi sanachidziwe bwino, amangoona kuti akadina pobiriwira masewera amapitirira. Sikuti waba ayi. Zinthuzo zinakonzedwa kuti zidinidwe mwamsanga, ndipo si ku Malawi kokha: mu 2014 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linagwirizana ndi Apple kuti ibwezere makolo ndalama zosachepera madola 32.5 miliyoni, ndi Google madola 19 miliyoni, pa nkhani yomweyi ya ana ogula m'magemu makolo osavomereza.

Tiyerekeze motere, mitengoyi ikhale yongoyerekeza. Mnyamata wa zaka 9 wabwereka foni ya amayi ake Loweruka masana, bandulo ilimo. Wadina kugula madayamondi a R20, zatheka popanda kufunsidwa kanthu. Wabwereza kawiri, ndiye R60. Waona phukusi lalikulu la R100, wagula kawiri. Pofika madzulo R260 yapita. Pakati pa kudinako wavomerezanso umembala wa mwezi ndi mwezi wa R80, umene uzidula wokha mpaka wina atauletsa. Amayi sanaone meseji iliyonse, chifukwa meseji ya banki imapita ku nambala ya bambo ku Joni, ndipo lisiti limapita ku imelo imene palibe amene amaitsegula pakhomopo. Bambo akaona pa sitetimenti mizere yoyamba ndi GOOGLE* amaganiza kuti akuba alowa mu akaunti, amatseketsa khadi, kapena amayamba kukayikira a m'banja. Pamene nkhani yonse ikanapewedwa ndi ntchito ya mphindi khumi.

Yambani ndi kuona kuti foni ili pa akaunti ya ndani. Tsegulani Play Store, dinani kachizindikiro kozungulira kamene kali pamwamba kudzanja lamanja, ndipo muona dzina ndi imelo. Dinani Payments & subscriptions, kenako Payment methods. Ngati pali khadi, muona dzina lake ndi manambala anayi omaliza. Pamalo omwewo pali Budget & history, pamene pamalembedwa chilichonse chimene chinagulidwa, tsiku ndi mtengo wake, ndiponso Subscriptions, pamene pali zonse zodula mwezi ndi mwezi. Mukapeza umembala umene simukuudziwa, udineni n'kusankha Cancel subscription. Pano ambiri amalakwitsa: amafufuta gemu pafoni poganiza kuti atha nazo. Kufufuta gemu sikuletsa umembala, ndalama zimapitirira kudulidwa.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kuchotsa khadiyo. Pa Payment methods dinani More payment settings, foni ikutsegulirani tsamba la Google, pezani khadi n'kudina Remove. Koma ngati akauntiyo ndi ya wachibale amene ali kunja, muimbireni kaye, chifukwa khadi ikachotsedwa pa akaunti imachoka pa mafoni ake onse, ndipo mwina pali zinthu zimene iye amalipira ndi khadiyo. Pamenepo chabwino n'kuchotsa akaunti yake yonse pafoni ya kumudziyi n'kuika yanu yopanda khadi. Pitani ku Settings ya foni, pezani Accounts (pa mafoni ena palembedwa Passwords & accounts kapena Accounts and backup), dinani imelo yake, kenako Remove account. Musanatero, onetsetsani kuti manambala a anthu amene mumawafuna asungidwa kwina, chifukwa amene anasungidwa mu akaunti imeneyo adzachoka nayo limodzi. Ndipo musathamangire kufufuta foni yonse kuti ibwerere mmene inalili ili yatsopano akauntiyo isanachotsedwe: foni ikadzuka idzafuna pasiwedi ya mwini wake woyamba, ndipo popanda iyo siitseguka.

Ngati khadi ndi yanu ndipo mumaifuna, ikani loko pogulira. Mu Play Store, pa Payments & subscriptions, dinani Purchase verification, kenako Verification frequency, ndipo sankhani Always. Pa mafoni amene Play Store yake ndi yakale, njira yake ndi Settings, kenako Authentication, kenako Require authentication for purchases, n'kusankha For all purchases through Google Play on this device. Pali zisankho zina ziwiri, Every 30 minutes ndi Never. Cha mphindi 30 chija chimaoneka ngati chabwino koma ndicho chimapweteketsa: mukalemba pasiwedi kamodzi kuti mumugulire mwana kanthu kamodzi, khomo limakhala lotsegula kwa theka la ola, ndipo m'nthawi imeneyo akhoza kugula kangapo osafunsidwanso. Dziwaninso kuti lokoyu amagwira pafoni imene mwamuikapo yokha. Ngati akaunti yomweyo ili pa mafoni awiri, muike pa onse.

Loko ndi loko ngati kiyi ali ndi inu nokha. Pamalo omwewo pali Biometric verification, kutanthauza kuti foni izivomereza kugula poona chala kapena nkhope. Ngati chala cha mwana chinalembetsedwa kuti azitsegulira foni, ndiye kuti chikhozanso kutsegula pogulira. Chotsani chala chakecho ku Settings, kapena zimitsani Biometric verification kuti pazifunika pasiwedi ya Google. Apa pamabuka vuto limene ndi lofala kwathu kuno: anthu ambiri akaunti ya Google anawatsegulira mnyamata wokonza mafoni pa msika, kapena mwana wawo wamkulu, ndipo pasiwedi saidziwa. Ena amaidziwa koma ndi dzina la mwana ndi chaka chake chobadwa. Isintheni: Settings, Google, Manage your Google Account, Security, Password. Ngati yakale simukuikumbukira, dinani Forgot password ndi kutsatira zimene foni ikufunsani. Yatsopanoyo ilembeni m'kope limene mumasunga pamodzi ndi chiphaso chanu, osati kuseri kwa kava ya foni.

Musanyengedwe ndi Set budget imene muione pa Budget & history. Imangokuonetsani kuti mwawononga zingati pa mwezi, siletsa kugula ngakhale mutapyola malire amene munaika.

Amene ali ndi iPhone, njira yawo ndi iyi: Settings, Screen Time, Content & Privacy Restrictions, iTunes & App Store Purchases, In-app Purchases, Don't Allow. Ikaninso nambala yachinsinsi ya Screen Time yosiyana ndi yotsegulira foni, apo ayi mwana wochenjera adzabweza zonse. Ndipo ngati mwana ali ndi foni yakeyake ya Android, mutsegulireni akaunti ya mwana kudzera mu Family Link, kuti akafuna kugula pempho lizibwera pafoni yanu.

Ndalama zikakhala kuti zapita kale, changu n'chofunika. Google imati pempho lobweza ndalama lili ndi mwayi ngati laperekedwa pasanathe maola 48 chigulireni. Mwini akaunti, kulikonse kumene ali, atsegule play.google.com, alowe mu akaunti yake, apite pa Payments & subscriptions ndi Budget & order history, ndipo pa chilichonse chimene chinagulidwa adine Report a problem kapena Request a refund. Asankhe chifukwa choona, choti wachibale anagula popanda chilolezo, osanena kuti ndi akuba. Pa chitsanzo chathu chija pali zogula zisanu ndi umembala umodzi, ndipo chilichonse chimafuna pempho lake. Maola 48 akadutsa, muyenera kulembera kampani imene inapanga gemuyo, n'kuipatsa nambala ya lisiti imene imayamba ndi GPA, yopezeka mu imelo. Kubwezeredwa sikotsimikizika, makamaka ngati madayamondiwo anagwiritsidwa kale ntchito. A iPhone amapempha pa reportaproblem.apple.com.

Pali khomo lina limene Play Store singalitseke. Ana okulirapo amadziwa anthu ogulitsa madayamondi ndi UC pa WhatsApp ndi Facebook, amene amalandira malipiro pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ngati mumamutuma mwana kwa ejenti n'kumuuza nambala yanu yachinsinsi, kapena mumailemba iye akuyang'ana, akhoza kutumiza ndalama yekha n'kufufuta meseji. Chizindikiro chake n'choti ndalama zatsika koma pa Budget & history palibe chimene chalembedwa. Zikatero onani mndandanda wa zotumiza zaposachedwa pa akaunti yanu ya ndalama za pafoni, mupeza nambala imene inalandira ndi nthawi yake, ndipo sinthani nambala yachinsinsi tsiku lomwelo. Ndalama zotumizidwa motere n'zovuta kuzibweza, chifukwa kwa kampani ya foni zimaoneka ngati munatumiza ndinu.

Kwa mwana wamng'ono amene mukungofuna kuti atangwanike inu mukuphika kapena muli kumunda, zimitsani data ndi Wi-Fi musanamupatse foni. Kugula kulikonse kumafuna intaneti, ndipo magemu ambiri a ana ang'ono amaseweredwa popanda iyo. Mwana amene amadziwa kuyatsa data yekha, njira imeneyi siimuletsa, choncho loko wa pogulira uja akhale ataikidwa kale.