Mavwende Awiri m'Dzanja Limodzi: Kumasulira Miyambi ya Chiperisiya

Tiyerekeze kuti mukumasulira nkhani ya ku Iran. Mnyamata wina wa mu mzinda wa Tehran akuphunzira udokotala, ndipo wayambanso ntchito ya usiku m'sitolo. Bambo ake akumuyang'ana n'kunena kuti, "Ba yek dast do hendevane nemishavad bardasht." Liwu ndi liwu, mawuwa akuti, "Ndi dzanja limodzi sunganyamule mavwende awiri." Kodi inu mulemba chiyani m'Chichewa?

Chiperisiya ndi chiyankhulo cha dziko limene kale linkatchedwa Perisiya. Ku Iran amachitcha Farsi, ku Afghanistan Dari, ndipo ku Tajikistan Tajiki. Miyambi yake ndi yambiri moti katswiri wina, Ali-Akbar Dehkhoda, anaisonkhanitsa m'mabuku anayi otchedwa Amsal o Hekam. Mfundo ya phunziro lathu ndi imodzi: mwambi uli ndi chithunzi komanso uli ndi ntchito. Womasulira ayambe wapeza ntchitoyo, chithunzi chibwere pambuyo.

Mafunso atatu oyambira

Musanafufuze mwambi wa Chichewa, dzifunseni mafunso atatu. Akuyankhula ndani, ndipo akuuza yani? Akufuna kuchita chiyani ndi mawuwo: kuchenjeza, kudzudzula, kutonthoza kapena kuseka? Nanga cholakwa chimene mwambiwo ukuloza n'chotani?

M'nkhani yathu, bambo akuchenjeza mwana amene amamukonda. Sakumunena kuti ndi wadyera kapena waulesi. Akungoti mphamvu za munthu zili ndi malire, ndipo akaumirira, mavwende onse awiri agwa n'kusweka.

Tsopano tiyese miyambi iwiri ya kwathu. Woyamba ndi wakuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Poumva koyamba ukuoneka wofanana, chifukwa nawonso ukunena za wofuna zambiri n'kutaya zonse. Koma pusi wagwa chifukwa cha dyera. Mukauika m'kamwa mwa bambo uja, mwawasandutsa munthu wonyoza mwana amene akungovutikira ndalama za sukulu. Wachiwiri ndi wakuti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Uwu ukunena za munthu wogawa mtima pawiri mpaka mvula kumupeza pakati. Mulibe chitonzo cha dyera, ndipo ndi mawu amene kholo lingauze mwana modekha. Sukufanana ndendende, pakuti wathuwu umatsindika kusakhazikika pamalo amodzi pomwe wa Chiperisiya umatsindika kuchepa kwa mphamvu, koma ntchito yake m'nkhaniyi ndi yomweyo.

Pali njira inanso: kusiya mavwendewo momwe alili. Mchewa aliyense amalidziwa vwende, kulemera kwake ndi kuterera kwake, choncho "dzanja limodzi silinyamula mavwende awiri" zikumveka popanda wofotokozera. Ngati chithunzi chikumveka chokha ndipo chikupereka tanthauzo lolondola, kuchisunga si kulakwa, ndipo wowerenga amalawako kayankhulidwe ka ku Iran. Kumasulira liwu ndi liwu kumalakwika pamene chithunzicho chili chete, kapena pamene chikunena bodza.

Pamene chithunzi chikunama

Mavwende omwewa amapezekanso m'chining'a china: "kuika mavwende m'khwapa mwa munthu." Wowerenga wa kuno angaganize kuti munthuyo wapatsidwa mphatso, kapena wasenzetsedwa katundu. Zonsezi n'zolakwika. Aperisiya amatanthauza kumukometsera munthu pakamwa, kumutamanda mopitirira kuti adzimve wamkulu, kawirikawiri pofuna kuti achite chimene inu mukufuna. Ganizirani mmene amaonekera munthu wopana mavwende m'khwapa: mikono yatambasuka, chifuwa chili patsogolo ngati wodzitukumula. Apa chithunzi chitayeni, mulembe kuti "anamunyengerera ndi matamando."

Njira yodziwira ngati chithunzi chikunama ndi yapafupi. Werengerani mnzanu amene sanaone mawu oyambirira, ndipo mumufunse kuti wamva chiyani. Musamufunse ngati zikumveka, chifukwa adzangoti inde. Akafotokoza za mphatso pomwe nkhani ndi ya chinyengo, mwadziwa kuti kumasulira kwanu kwasochera ngakhale Chichewa chake chili chosalala.

Malire a kufananitsa

Aperisiya akafuna kunena za ntchito yopanda phindu amati "zire be Kerman bordan," kutanthauza kupita ndi zire ku Kerman. Zire ndi kambewu konunkhiritsa chakudya, kamene Baibulo lathu limakatchula kuti chitowe pa Mateyu 23:23, ndipo chigawo cha Kerman n'chotchuka ndi kambewu kameneka. Kupita nako kumeneko n'kupereka chinthu kwa eni ake amene ali nacho chochuluka.

Pofotokozera kalasi, munganene kuti zili ngati kunyamula chambo kupita nacho ku Mangochi, ndipo aliyense amva msanga. Koma m'nkhani yochitikira ku Iran simungatero. Wamalonda wa ku Isfahan akatchula Mangochi, wowerenga adabwa kuti nyanja yathu waidziwira kuti, ndipo nkhani yonse yataya chikhulupiriro. Mwambi wopanda dzina la malo, monga wa mapanga uja, umayenda bwino kulikonse. Wokhala ndi dzina la malo, la mfumu kapena la chakudya cha kwathu kokha umasamutsa nkhani. Zikatere, sungani Kerman n'kuwonjezera timawu tochepa: "Ukupita ndi chitowe ku Kerman, kumene chimachokera?"

Pamene palibe wofanana naye

Mawu ena ndi a ulemu chabe. Munthu akakuchitira chabwino ku Iran umati "dastet dard nakone," kutanthauza kuti dzanja lako lisapweteke. Palibe amene akudwala dzanja. Kumeneko n'kuthokoza, ndipo "zikomo kwambiri" akukwanira. Akabwera kuphwando kumene iwe sunapiteko amakuuza kuti "jat khali bud," malo ako anali opanda munthu. Kuwasiya choncho kungamveke ngati akukudandaulira kuti unajomba, chonsecho akuti, "Tinakusowa, ukanakhalapo."

Ovuta kwambiri ndi "ghabel nadare." Mukafunsa mtengo, wogulitsa kapena woyendetsa takisi amayankha motero, ngati kunena kuti chinthucho n'chosayenera kuchilipirira. Ndi mbali ya mwambo wa ulemu wotchedwa taarof: iye amakana ndalama, inu mumaumirira, kenako amatchula mtengo ndipo mumalipira. Mukalemba kuti "n'zaulere," wowerenga amuona wogulitsayo ngati wabodza akadzalandira ndalama. Chothandiza n'kukumbukira mlendo wa kwathu amene amati "ndadya kale" ali ndi njala, podikira kuti amukakamize. Choncho mungalembe kuti, "'Aa, musavutike,' anatero mwaulemu, monga mwa mwambo wawo." Timawu tomalizato ndi timene tapulumutsa tanthauzo.

Zoti muchite

1. Aperisiya amati "yek dast seda nadarad," dzanja limodzi silimveka phokoso, ponena kuti munthu payekha sangathe zambiri. Pakati pa "Mutu umodzi susenza denga" ndi "Chala chimodzi sichiswa nsabwe," ndi uti umene mungaike m'kamwa mwa mkulu woyankhula pamsonkhano wolemekezeka? Chifukwa chiyani?

2. Amatinso anapiye amawerengedwa kumapeto kwa nyengo yoyoyoka masamba, popeza ambiri oswedwa kumayambiriro kwa chaka safika nthawi imeneyo. Kodi "Linda madzi apite ndipo uziti ndadala" ukugwira ntchito yomweyo? Yankhani pogwiritsa ntchito mafunso atatu aja.

3. Masulirani mwambi wa anapiyewu mosunga chithunzi chake, muwerengere mnzanu, ndipo mulembe zimene iye wamva.