Odwala 14 mwa angati? Kuyeza ntchito ya anamwino pa matenda okhumudwa

M'boma la Dr Kenneth Kaunda ku South Africa, ofufuza a pulogalamu ya PRIME anawonjezera maphunziro a anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono kuti azizindikira matenda okhumudwa mwa anthu odzalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. M'zipatalazo anaikamonso alangizi oti odwala azitumizidwa kwa iwo. Zipatala zina anazisiya mmene zinalili kuti pakhale poyerekezera. Zotsatira zitatuluka mu 2021, pafupifupi theka la odwala anali atapezako bwino pakutha pa miyezi 6. Koma theka lomwelo linapezekanso m'zipatala zimene sizinalandire chatsopano chilichonse. Ataunika kaundula, anapeza kuti odwala amene anamwino anawazindikira n'kuwatumiza kwa alangizi anali ochepa kwambiri. Thandizo linalipo, koma ambiri sanalifike.

Pulogalamu yopatsa anamwino ntchito imene kale inali ya madokotala a matenda a maganizo imakonda kugwera m'njira, pakati pa khomo la chipatala ndi mpando wa uphungu. N'chifukwa chake woyeza ntchitoyi ayenera kuyamba ndi kujambula ulendo wa wodwala asanagule n'komwe kaundula watsopano. Ulendowu uli ndi masiteji odziwika: wodwala wafika, wafunsidwa mafunso, wapezeka ndi zizindikiro, namwino watsimikiza matenda, thandizo layamba, wabweranso kudzayezedwa, wapeza bwino. Siteji iliyonse ikhale ndi manambala awiri, la amene anayenera kudutsapo ndi la amene anadutsadi. Ndondomeko zotchuka zoyezera mapulogalamu, monga RE-AIM ya mu 1999, zimafunsa zomwezi m'mawu ena: afikiridwa ndi angati, athandizikadi, ogwira ntchito ayivomereza ntchitoyo, akuichita monga anaphunzitsidwira, ndipo idzapitirira opereka ndalama akachoka?

Ulendo ukajambulidwa, pasankhidwe chida chimodzi choyezera matenda, ndipo chisasinthidwe pakati pa chaka. Chofala kwambiri ndi PHQ-9. Ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo: kusowa chidwi, kukhumudwa, tulo, kutopa, kadyedwe ndi zina. Funso lililonse limalandira 0 mpaka 3, kotero mapointi onse sangapitirire 27. Kuyambira 5 zizindikiro n'zochepa, 10 n'zapakatikati, 15 n'zokulirapo, ndipo 20 n'zazikulu. Mapulogalamu ambiri amaika malire pa 10. Ku Malawi kuno PHQ-9 ya m'Chichewa inayesedwa mwa odwala shuga ku Lilongwe, ndipo kafukufuku wa a Michael Udedi ndi anzawo wa mu 2019 anapeza kuti malire a 9 ndiwo amagwira bwino pagulu limenelo. Kaya pulogalamu isankha 9 kaya 10, nambalayo ilembedwe m'ndondomeko tsiku loyamba. Woisuntha ataona kale zotsatira wakonza lipoti, sanayeze ntchito.

PHQ-9 yokha siitsimikiza matenda. Munthu wa shuga wokwera kapena wochepa magazi amatopa, sagona bwino, sadya bwino, ndipo akhoza kufika pa 10 mtima wake uli m'malo. Mayi amene waika mwamuna wake sabata yatha naye adzakwera. Choncho kaundula akhale ndi danga lina lolembapo chigamulo cha namwino atacheza ndi wodwalayo, kuphatikizapo ngati anafunsa za mowa ndi za nthawi imene munthuyo anakhalapo wosangalala mopitirira, wosagona, wolankhula kosalekeza. Funso lomalizali limateteza wodwala, chifukwa woteroyo mankhwala a kukhumudwa paokha akhoza kumuvundula.

Tsopano pakufunika kugwirizana kuti “wapeza bwino” akutanthauza chiyani. Pali miyeso iwiri imene ofufuza amagwiritsa ntchito. Woyamba ndi kutsika kwa mapointi ndi theka kapena kuposerapo: amene anayamba pa 16 afike pa 8 kapena kutsikirapo. Wachiwiri ndi kutha kwa zizindikiro, pamene mapointi atsika kufika pansi pa 5. Umodzi ukhale muyeso waukulu, ndipo nthawi yoyezera idziwike, monga pa miyezi 3 ndi pa miyezi 6. Pambali pake pakhale muyeso wa zimene munthu wayambiranso kuchita, poti achibale safunsa za mapointi, amafunsa ngati mayi ayambanso kupita kumunda ndi kumsika. WHODAS 2.0 ya bungwe la WHO, ya mafunso 12, imayeza zimenezi pamasiku 30 apitawo. Ngati pulogalamu ili m'kiliniki ya ma ARV kapena ya shuga, kubwera pa tsiku lolandira mankhwala kulembedwenso.

Pano ndi pamene malipoti ambiri amanamiza, ndipo chitsanzo chongoyerekezera chikhoza kuonetsa mmene zimachitikira. Kiliniki ina yaona odwala 1,000 m'miyezi itatu. Anamwino afunsa PHQ-9 anthu 600, ndipo 60 afika pa 10 kapena kuposa. Mwa 60 aja, 45 atsimikizidwa n'kuyamba thandizo. Pakutha pa miyezi 6, amene abwera kudzayezedwanso ndi 20, ndipo 14 mwa iwo mapointi awo atsika ndi theka. Wolemba lipoti amatenga 14 n'kugawa ndi 20, n'kulengeza kuti 70 mwa 100 alionse apeza bwino. Masamu ake n'ngolondola, koma wagawa ndi nambala yolakwika. Amene anayamba thandizo anali 45, ndipo 14 mwa 45 ndi 31 mwa 100. Pamwamba pa apo, ngati anthu 400 amene sanafunsidwe akufanana ndi anzawo, muli enanso 40 amene akanafika pa 10. Ndiye kuti kiliniki inali ndi anthu pafupifupi 100 ofunika kuunikidwa, ndipo odziwika kuti apeza bwino ndi 14.

Nanga 25 amene sanabwere kudzayezedwanso? Ena achira n'kuona kuti palibe chobwerera. Ena afooka kwambiri moti sangadzuke n'kukwera kabaza. Ena asamuka, ena asiya mankhwala chifukwa cha kuuma m'kamwa ndi chizungulire. Poti sizidziwika, lipoti loona mtima limalemba manambala onse awiri, 70 ndi 31, n'kunena kuti woyambayo ndi wa obwera okha. Ndipo ndalama zoimbira foni kapena zotumira mlangizi wa zaumoyo kumudzi ziikidwe m'bajeti ya kuyeza ntchito kuyambira pachiyambi. Chitsanzochi chikuonetsanso pofunika kukonza. Mabowo aakulu ndi awiri, 400 osafunsidwa ndi 25 osabwerera. Kutumiza anamwino kumaphunziro ena a uphungu sikungatseke ngakhale limodzi.

Ngakhale 31 uja sali yense wa pulogalamu. Munthu amapezeka ndi mapointi okwera pa tsiku limene zinthu zamuthina kwambiri, ndipo ambiri amatsikako okha pakapita miyezi, monga anachitira theka lija la ku South Africa. Popanda gulu loyerekezera, palibe njira yosiyanitsira ntchito ya namwino ndi ntchito ya nthawi. Boma limene lili ndi zipatala zingapo lingathe kuyambitsa pulogalamu mosinthana, ziwiri tsopano, ziwiri patatha miyezi itatu, dongosolo lake losankhidwa mwamaere, kuti zodikirazo zikhale poyerekezera. Wofunsa PHQ-9 yomaliza asakhale namwino amene wakhala akuthandiza wodwalayo. Munthu wolemekeza sangauze amene wamusamalira kwa miyezi kuti palibe chasintha. Amangoti “ndikupezako bwino, anamwino”, mapointi n'kutsika.

Mbali imene imaiwalika ndi yoyeza ngati chimene wodwala walandira ndi thandizo lenileni. “Wayamba mankhwala” ndi mawu otakata. Malangizo a mhGAP a WHO a mu 2016 anati amitiriputilini ayambire pa mamiligalamu 25 usiku n'kumakwezedwa pang'onopang'ono, mwa munthu wamkulu wopanda matenda ena mpaka 100 kapena 150, ndipo fuluwokisetini afike pa 20 patsiku. Anatinso mankhwala apitirire miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro zitatha. Wodwala amene wakhala pa 25 kwa miyezi inayi mapointi ake osasuntha, m'kaundula amaoneka wothandizidwa koma sanalandire mlingo wochiza. Woyeza ntchito awerenge anthu amene anayezedwanso patatha masabata 4 mpaka 6, ndi amene mlingo wawo unasinthidwa pamene sanatsike. Kwa olandira uphungu, awerenge magawo amene munthu wamaliza mwa onse amene anakonzedwa. Masiku amene kufamase kunalibe mankhwalawa alembedwe mwezi ndi mwezi kuchokera pamakadi a sitoko, chifukwa namwino sangaimbidwe mlandu wa shelefu yopanda kanthu.

Kaundula yekha amaulula zambiri kwa wodziwa kumuwerenga. Tsamba lodzaza ndi 0 kuyambira pamwamba mpaka pansi likusonyeza kuti mafunso sakuwerengedwa, namwino akungofunsa kuti “muli ndi nkhawa?” mzere wa panja utamukulira. Opezeka ndi zizindikiro akatsika mwadzidzidzi mwezi wina, woyang'anira afunse kaye amene wasamutsidwira kuwodi ina, chifukwa kusinthasintha anamwino kumachotsa ophunzitsidwa n'kubweretsa atsopano mwakachetechete. Nambala ya ophunzitsidwa amene adakali pamalopo iwerengedwe miyezi itatu iliyonse. Luso lawo nalo liyezedwe poonerera, osati pa mayeso olemba okha: woyang'anira akhale pambali wodwala atalola, kapena wina ayerekeze kukhala wodwala, n'kuchonga pa fomu ngati ENACT, imene imaona zinthu monga kumvetsera, kusunga chinsinsi ndi kufunsa za kudzipha mosazungulira. Mphindi zimene kufunsa kumatenga zilembedwenso, poti zikachuluka ntchitoyo idzafa pulojekiti ikangotha.

Muyeso umodzi wokha sulola kuperewera. Funso la nambala 9 la PHQ-9 limafunsa za maganizo oti kuli bwino kufa kapena odzivulaza. Aliyense woyankha choposa 0 pa funso limeneli aunikidwe tsiku lomwelo, ngakhale mapointi ake onse atakhala 4, ndipo kaundula aonetse zimene zinachitika: anafunsidwa ngati ali ndi pulani, ngati kunyumba kuli mankhwala a mbewu kapena a makoswe, wachibale anaitanidwa, anatumizidwa kwa namwino wa matenda a maganizo wa paboma. Apa cholinga ndi 100 mwa 100, ndipo woyang'anira asadikire lipoti la pakota. Mwezi uliwonse atulutse mafayilo onse a oyankha choposa 0, awawerenge limodzi ndi limodzi, ndipo pa fayilo iliyonse yopanda umboni wa kuunikako wodwalayo afunidwe sabata yomweyo.