Kwatsala zaka ziwiri kuti ndipume: penshoni ndiisiye m'masheya?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 58. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhalitsa kuno ku Botswana. Tikukhala ku Mogoditshane, komwe bambo akunyumba amagulitsa magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan. Ine ndimaphunzitsa pasukulu ina yomwe si yaboma ku Gaborone, ndipo ndidzapuma ndikakwanitsa zaka 60. Penshoni yanga yafika pafupifupi P1,000,000, yambiri ili m'masheya. Akuthumba la penshoni andilembera kuti ndisankhe: ndalama zikhale momwemo, kapena azisamutsire kumbali yomwe siigwa kwambiri koma phindu lake n'lochepa. Bambo akuti ndisasunthe, ati mantha salemeretsa, ndipo msika ukagwa umadzukanso. Akundikumbutsanso kuti pafomu yomwe ndinadzaza kale ndinapezeka wolimba mtima. Koma ine tulo sindikupeza, ndipo nkhaniyi ikangoyamba pakhomo timakangana. Kodi ndachita mantha achabe?

Wosowa tulo, Mogoditshane

Achemwali,

Bambo akunyumba sakunama. Msika umadzukadi. Masheya a ku America, omwe amayezedwa ndi S&P 500, anagwa kupitirira theka pakati pa Okutobala 2007 ndi Malichi 2009, koma pofika 2013 anali atabwerera pomwe anachokera. Mu 2020 mliri wa korona utabuka anagwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu m'milungu isanu yokha, n'kudzuka chaka chomwecho. Musaone ngati izi n'zakutali. Kwa zaka zambiri malamulo a Botswana ankalola mathumba a penshoni kuika ndalama kunja mpaka 70 peresenti, choncho New York ikagwedezeka sitetimenti yanu ya ku Gaborone imamva.

Chomwe bambo sanawerengere n'chakuti kudzuka kwa msika kumapindulira munthu amene angathe kudikira. Amene anapuma pantchito mu Malichi 2009 zaka zinayizo analibe.

Tiyeni tiwerenge ndi ndalama zanu zomwe. Tiyerekeze kuti kwatsala miyezi itatu kuti mupume, thumba lanu lagwa ndi 30 peresenti. P1,000,000 yasanduka P700,000. Kuti ibwerere pa miliyoni, kukwera ndi 30 peresenti sikukwana, chifukwa tsopano ikukwera kuchokera pa ndalama yochepa. Pafunika pafupifupi 43 peresenti. Mphunzitsi mnzanu wa zaka 30 amene ali ndi P50,000 kugwa komweko kumamudyera P15,000, ndalama yomwe zopereka zake za chaka chimodzi zikhoza kubweza, ndipo mwezi uliwonse akugula masheya otchipa. Kwa iye kugwako ndi mwayi ndithu. Inu mwataya P300,000, ndipo malipiro otsala oti mudulepo zopereka ndi atatu okha.

Pomwe zimapwetekera kwambiri ndi tsiku lopumalo. Lamulo la penshoni la Botswana la 2022 limalola wopuma kutenga mpaka theka la ndalama zake pamanja (kale linali gawo limodzi mwa atatu), ndipo zotsalazo zimagula penshoni ya mwezi ndi mwezi. Kuti zonsezi zitheke, masheya anu amagulitsidwa pamtengo wa tsikulo. Zili ngati kugulitsa chimanga mu Meyi, aliyense akukolola: mitengo idzakwera mu Januwale, inde, koma nkhokwe yanu idzakhala ilibe kanthu. M'malo mwa P500,000 pamanja mulandira P350,000. Theka linalo, tingoyerekeza kuti kampani ya inshuwalansi ikulonjeza P600 pamwezi pa P100,000 iliyonse yomwe mwaipatsa. Ndi P500,000 mukanalandira P3,000 pamwezi. Ndi P350,000 mulandira P2,100. Mgwirizanowo ukasainidwa wasainidwa. Msika ukadzuka chaka chamawa, kampaniyo sidzakuimbirani foni kuti ikuwonjezereni. P900 imeneyo idzasowa mwezi uliwonse, ndipo pazaka 20 ndi P216,000, zonsezi chifukwa cha miyezi itatu yoipa.

Za fomu ija. Mafomu otere amakonda kufunsa za mtima: ndalama zanu zitagwa, mungagulitse, mungadikire, kapena mungagule zina? Munthu akuyankha ali muofesi yozizira bwino, malipiro akubwera, kupuma kuli kutali, aliyense amakhala ngwazi. Koma kulimba mtima ndi mbali imodzi chabe. Mbali inayo, yomwe imalamula pamsinkhu wanuwu, ndi mphamvu ya thumba: mutataya P300,000, moyo wanu usintha chiyani? Yankho lake limachokera pa zaka zomwe zatsala musanazifune ndalamazo, ndiponso pa ndalama zina zomwe zidzalowe pakhomo malipiro akadzasiya. Wina wokhala ndi nyumba zalendi zitatu ku Tlokweng akhoza kusiya penshoni m'masheya mpaka tsiku lomaliza, chifukwa sadzadyera pamenepo. M'kalata yanu sindinaonemo lendi. Ndaonamo malipiro omwe akutha ndi bizinesi ya magalimoto.

Bizinesi imeneyo ndiyo muwafotokozere bwino bambo, osati mowanyoza. Iwo kulimba mtima anakuphunzira pa yadi ya magalimoto, pomwe Honda Fit ikapanda kugulidwa lero imadikira mwezi wamawa. Koma chuma cha dziko chikadwala, ogula magalimoto amasowa nthawi yomweyo yomwe masheya akugwa. Kumayambiriro kwa 2009 Debswana inaimitsa migodi ya dayamondi chifukwa ogula kunja anasowa, miyezi yomweyo yomwe misika inali pansi penipeni. Nyumba yanu ili kale ndi mwendo umodzi pamalo oterera. Penshoni ndiwo mwendo woti uponde pouma.

Komabe sindikuti zonse muthamangitsire kubanki. Mkazi wa zaka 60 akhoza kukhala ndi moyo zaka zina 25, ndipo mukukumbuka kuti mu 2022 kukwera mitengo kwa zinthu ku Botswana kunapitirira 14 peresenti. Ndalama yongogona imadyedwa mwakachetechete. Ngakhale mbali yotchedwa yotetezekayo imatha kutsika, monga zinachitikira m'maiko ambiri chaka chomwecho pomwe masheya ndi mabondi anagwera limodzi. Kungoti siigwa mozama ngati masheya.

Ine ndikanakhala inu, ndikanagawa ndalamazo potengera tsiku lomwe ndidzazifune. Yogulira penshoni ya mwezi ndi mwezi, ndi yomwe mudzadye kapena kumangira m'zaka zitatu kapena zisanu zoyamba, ichoke m'masheya. Ngati thumba lanu limalola, isamuke pang'onopang'ono, mwina miyezi itatu iliyonse, kuti tsogolo lanu lisadalire mtengo wa tsiku limodzi. Yomwe simudzaikhudza kwa zaka khumi, monga gawo la ndalama yapamanja ija, ndiyo ingabwerere m'masheya, ndipo pamenepo bambo anena zoona. Chomwe musachite ndi kudikira kuti msika ugwe kaye ndiyeno n'kusamuka ndi mantha, chifukwa kumeneko n'kusindikiza chidindo pa ndalama zotayika. Ndipo ngati mukulingalira zobwerera ku Ntcheu, musasinthe zonse kukhala makwacha tsiku limodzi: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti usiku umodzi.

Musanasaine, alembereni akuthumba lanu mafunso awa, ndipo ayankhe polemba: mbali iliyonse ili ndi masheya ochuluka bwanji, inagwa kufika pati m'chaka chake choipitsitsa, kusamuka kuli ndi mtengo wanji, ndipo malamulo akuti chiyani kwa munthu wobadwira kunja amene angachoke m'dziko. Mukafuna mlangizi, funsani ngati ali ndi chiphaso cha NBFIRA komanso amene amamulipira. Mayankho akabwera, khalani pansi ndi bambo, mulembe P2,100 pamwamba pa pepala, pansi pake ndalama zomwe pakhomo panu zimatuluka pamwezi, kenako muwafunse kuti yadi ya magalimoto ingakwanitse kutseka mpatawo kwa miyezi ingati ogula atasowa.

Azakhali anu