Makina a GC: Kukonza Usipa Usanayezedwe Mafuta Ake

Gulu lokonza nsomba ku Makawa, ku Malembo kapena ku Msaka likafuna kulemba pa paketi kuti usipa wake uli ndi mafuta a omega-3, wogula wamkulu amafuna umboni wa ku labotale. Umboniwo umatuluka m'makina a gasi kiromatogirafi, amene pachikuto pake pamalembedwa GC. M'kati mwake muli uvuni ndi kapaipi kopyapyala ngati ulusi, kotalika mamita 30 kapena kuposa. Kadontho kobayidwamo kamasanduka nthunzi, mpweya wa hiliyamu n'kuikankha m'kapaipi. Zopepuka zimatsogola, zolemera zimatsalira, ndipo chilichonse chikatuluka chimajambula nsonga yake pa kompyuta.

Makinawa amayeza zokhazo zimene zingasanduke nthunzi. Mafuta a nsomba sangatero: ndi maasidi atatuatatu omangirizidwa pa gilisero, olemera kwambiri moti pa madigiri 250 a pakhomo pa makina amangokakamira n'kupserera. Choncho amayamba amasulidwa, asidi aliyense n'kulumikizidwa ndi metanolo kuti apepuke. Zotulukapo pa lipoti zimalembedwa FAME.

Ntchito imayambira pa thandala

Alangizi, gawo lanu ndi ili. Tapani usipa m'malo angapo pa thandala, pakati ndi m'mbali, musakanize, mutengepo magalamu 200. Kulungani m'pepala la aluminiyamu, finyani mpweya utuluke, ikani pa ayezi tsiku lomwelo, kenako mufiriza. Dzuwa ndi mpweya zimawononga omega-3 msanga kuposa mafuta ena. Lembani ngati ndi woyanika, wofutsa, wowamba kapena wokazinga. Wokazinga subisika: mafuta ophikira a soya kapena mpendadzuwa amakweza nsonga ya C18:2 kuposa mmene nsomba yokha ingachitire.

Ku labotale

Usipa umaperedwa wathunthu, ndi mitu yomwe, poti umu ndi mmene timaudyera. Magalamu 2 a ufawo amaviikidwa m'mamililita 40 a kilorofomu ndi metanolo, magawo awiri kwa limodzi, njira ya Folch ya 1957, ndipo amathiramo BHT pang'ono kuti mafuta asawonongeke. Akasefa amathira mamililita 8 a madzi a mchere. Zimagawikana pawiri, mafuta ali m'gawo la pansi. Amaliumitsa ndi mpweya wa naitirojeni, osati pamoto.

Pa mafutawo amatengapo mamiligalamu 25 m'chubu chagalasi, n'kuwonjezera miligalamu imodzi ya C23:0, asidi amene m'nsomba sapezeka kwenikweni, kuti akhale muyezo. Amathira mamililita 1.5 a NaOH wa 0.5 M wosungunulidwa m'metanolo, amatseka molimba, n'kutenthetsa pa madigiri 100 kwa mphindi 5. Apa maasidi amamasuka ku gilisero. Chubu chikazizira amathira mamililita 2 a BF3 wa 14 peresenti, n'kutenthetsanso mphindi 30.

Sitepe yachiwiriyi ena amaidumpha pofuna kufulumira, ndipo pa mafuta atsopano a m'botolo mwina n'kupulumuka. Pa usipa wouma ayi. Nsomba ikamauma, maasidi ambiri amamasuka okha, ndipo NaOH akakumana nawo amangowasandutsa sopo, amene amatsala m'madzi osalowa m'makina. Ndi BF3 amene amawagwira. Popanda iye lipoti limaonetsa omega-3 wochepa kuposa amene alimo, gulu n'kuluza msika popanda chifukwa.

Pomaliza amathira mililita imodzi ya hekiseni ndi mamililita 5 a madzi okhuta mchere, n'kukhutchumula. Gawo la pamwamba, loyera mbee, ndi limene limabayidwa, maikirolita imodzi yokha. BF3 ndi kilorofomu ndi poizoni. Amagwiritsidwa ntchito m'kabati yokoka mpweya basi, ndi magolovesi.

Kuwerenga nsonga

Tiyerekeze kuti nsonga ya omega-3 wa DHA, yolembedwa C22:6n-3, ili ndi malo ochuluka katatu kuposa ya C23:0. Ndiye kuti m'mamiligalamu 25 aja muli DHA pafupifupi mamiligalamu 3, kutanthauza 120 pa galamu ya mafuta. Labotale imakonzanso nambalayo pang'ono molingana ndi mmene makina amamvera asidi aliyense. Ngati usipawo uli ndi mafuta 10 peresenti, DHA ndi mamiligalamu 12 pa galamu ya nsomba.

Nsonga zokoka mchira kumbuyo zimasonyeza maasidi amene sanasinthidwe, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi madzi olowa m'chubu kapena chivundikiro chimene chinathawitsa metanolo. Nsonga zachilendo zimene zikuonekanso m'chubu chopanda nsomba zimachokera ku BF3 wokhalitsa kapena ku pulasitiki. Nsonga za omega-3 wa EPA ndi DHA zikatsika zokha, C16:0 osasintha, mwina nsomba inawonongekera padzuwa kapena paulendo. Potumiza, pemphani labotale iyeze kawiri ndiponso ilembe ngati nambala zake ndi za pa galamu ya mafuta kapena ya nsomba youma.