Kukonza maphunziro a tsiku limodzi ophunzitsa antchito atsopano kusamala nthawi

Akakupatsani udindo wokonza maphunziro otere, musathamangire kusonkhanitsa mitu. Yambani mwadzifunsa kuti anthuwa akamatuluka madzulo adzakhale atanyamula chiyani m'manja. Ine ndimati aliyense atuluke ndi pepala limodzi, lolembedwa ndi dzanja lake, losonyeza mmene ayendetsere ntchito yake sabata yamawa, ndipo womuyang'anira akhale ataliona n'kuvomereza. Chilichonse chimene sichithandiza kuti pepalali lilembeke chichotsedwe pa ndondomeko, ngakhale chikhale chokoma chotani.

Tiyerekeze kuti ndi kampani yogulitsa zipangizo zaulimi, ndipo yalemba anthu 12: ogulitsa pakauntala, osunga katundu ndi makalaliki awiri a ku maakaunti. Ntchito yanu iyambe kudakali sabata yathunthu. Mupatse aliyense pepala logawidwa m'magawo a mphindi 30, kuyambira pamene wafika mpaka poweruka, kuti kwa masiku atatu azilembapo chimene wachita. Muwauze poyera kuti mapepalawa sapita kwa abwana, apo ayi adzakulemberani zokometsera, ndipo mphindi za pa foni ndi zodikira siginecha sizidzaonekamo. Kenako pitani kwa oyang'anira mukafunse ntchito zenizeni zokhala ndi tsiku lomaliza: lipoti la katundu limafunika liti, ndalama zimapita ku banki nthawi yanji, malole amafika masiku ati.

Tsopano werengani nthawi imene muli nayo. Kuyambira 8:30 m'mawa mpaka 4 koloko madzulo ndi maola 7 ndi theka. Mukachotsa ola la nkhomaliro ndi tiyi kawiri, mphindi 15 ulendo uliwonse, patsala maola 6. Pamenepo bisaninso mphindi 30 zakumapeto zoti zidzakupulumutseni gawo lina likatalika. Maola 5 ndi theka otsalawo sangakwane mitu khumi. Akukwana malonje, magawo atatu ndi kulemba pepala lija, basi.

Malonje ayambe 8:30 yeniyeni, ngakhale m'chipindamo muli anthu asanu ndi awiri okha. Wophunzitsa kusunga nthawi akadikira ochedwa mpaka 9:15, phunziro lonse watha kale kulifafaniza. Ngati mkulu wa kampani adzatsegulire, mupempheni mwaulemu kuti asapitirire mphindi zisanu. Kuyambira 9 koloko mpaka 10:15, anthu akhale atatuatatu ndi mapepala awo a masiku atatu aja, awonkhetse mphindi zimene zinapita ku ntchito yeniyeni, ku kudikira, ku kufunafuna zinthu ndi ku zosokoneza. Gulu lililonse litchule zinthu ziwiri zimene zadya nthawi kwambiri, inu muzilemba pa pepala lalikulu la pakhoma. Musanene kanthu kodzudzula. Munthu akaona yekha kuti anatha mphindi 50 akusaka buku la malisiti, safunikanso ulaliki.

Gawo lalikulu la tsikuli liikeni pakati pa tiyi ndi nkhomaliro, 10:30 mpaka 12:15, mitu ikadali yopepuka. Apa mukuphunzitsa kusankha choyamba kuchita. Njira yosavuta ndi ya mabokosi anayi, imene imatchulidwa ndi dzina la Dwight Eisenhower ndipo inafala kwambiri kudzera m'buku la Stephen Covey la 1989. Ntchito iliyonse imafunsidwa mafunso awiri: kodi ndi yofunika, nanga ndi yachangu? Kufotokoza kwake kusapitirire mphindi 15. Nthawi yotsalayo ndi ya manja. Jambulani mabokosiwo ndi choko pansi kapena patebulo, ndipo gulu lililonse mulipatse timakadi khumi ta ntchito za wosunga katundu Lolemba m'mawa: lole ya feteleza ikufika 10 koloko ndipo malo otsitsira sanakonzedwe, mlimi ali pakhomo kudikira lisiti, lipoti la katundu likufunika Lachisanu, mbewu ya chimanga yomwe yatsala pang'ono kutha mphamvu sinawerengedwe, mnzake wapempha kuti amuthandize kusindikiza kalata, mauthenga a pa WhatsApp achuluka, ndi zina zotero.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti makadi asanu ndi atatu amaunjikana m'bokosi la zofunika ndi zachangu. Kwa munthu watsopano chilichonse chimaoneka ngati moto. Ndiye ikani lamulo loti bokosi limenelo lisapose makadi atatu, muwasiye akangane. Mkangano umenewu ndiye phunzirolo, musaudule msanga. Mvetserani makamaka kumene akuika lipoti la Lachisanu ndi kuwerenga mbewu. Ntchito ziwirizi sizikuwa Lolemba, koma zikapanda kupatsidwa ola lake Lachiwiri kapena Lachitatu, zimadzamugoneka munthu mu ofesi Lachinayi usiku, kapena kampani imadzataya matumba a mbewu. Gulu likanena lokha kuti ziwirizi zilembedwe pa kalendala ndi ola lake, dziwani kuti gawoli lalowa.

Akadya nsima, tulo timabwera, choncho 1:15 mpaka 2:30 aliyense aimirire. Gawoli ambiri amalisiya, koma kwa ine ndilo lokhudza mtima wa vuto. Nthawi yambiri ya wantchito watsopano imathera pa kuopa kuyankha akuluakulu, osati pa ulesi. Abwana awiri akamutuma nthawi imodzi, onse amawayankha kuti chabwino, kenako onse n'kuwakhumudwitsa. Konzani timasewero ta anthu atatu: wina akhale watsopano, awiri akhale mabwana. Watsopanoyo ayeserere kunena mawu ngati awa mpaka atuluke mosachita chibwibwi: "Pepani bwana, panopa ndikumaliza lipoti limene abwana a ku maakaunti akulifuna pofika 12 koloko. Ndilisiye kaye, kapena ntchito yanuyi ndiiyambe 1 koloko?" Mawuwa alibe mwano, sakukana ntchito, ndipo akubweza chisankho kwa amene ali ndi mphamvu yosankha. Ayesererenso kufunsa kuti "Mukuifuna liti?" nthawi iliyonse akapatsidwa ntchito. Azisinthana mpaka aliyense ataseweranso mbali ya watsopano.

Mwina wina adzafunsa za njira ya Pomodoro ya Francesco Cirillo, yogwira ntchito mphindi 25 n'kupumula zisanu. Itchuleni mwachidule kwa a ku maakaunti. Wogulitsa pakauntala singamuthandize, chifukwa kasitomala sadikira wotchi.

Kuyambira 2:45 mpaka 3:30 aliyense alembe pepala la sabata yamawa. Pa tsiku lililonse alembe ntchito zazikulu zosaposa zitatu, iliyonse ndi ola lake, ndipo pa maola asanu ndi atatu adzaze asanu okha, atatuwo asiyire zogwa mwadzidzidzi. M'munsi alembe ntchito zosafuna magetsi kapena netiweki, monga kusanja mafayilo ndi kuwerenga katundu, kuti magetsi akazima asakhale manja lende. Oyang'anira alowe 3 koloko, aliyense akhale pambali pa anthu ake, awerenge mapepalawo ndi kukonza pamene tsiku lomaliza lalakwika. Akapanda kubwera, Lolemba adzatuma anthuwo monga mwa kale, mapepala n'kuthera m'dirowa.

Musayese kupambana kwa tsikuli ndi fomu yofunsa ngati anthu asangalala, pakuti pafupifupi onse adzayamikira, makamaka ngati nkhuku inali yokwanira. Musanabalalike, gwirizanani tsiku lodzakumananso kwa ola limodzi pakatha milungu iwiri. Aliyense adzabwere ndi pepala lake lija atachonga zimene zinatheka, ndiponso pepala latsopano la masiku atatu la mphindi 30, kuti mudzaliike pambali pa loyamba lija n'kuona ngati mphindi zodikira ndi zofunafuna zinthu zachepa.